Kusintha mtundu wa tsitsi pa chithunzi popanda kupha malukidwe

Pa zikwangwani za masaluni mumapezeka zithunzi zimene munthu amazindikira nthawi yomweyo kuti zinakonzedwa pa kompyuta. Nkhope ili bwinobwino, koma tsitsi lili ngati chipewa cha pulasitiki, mtundu umodzi kuchokera pamphumi mpaka m'mapewa, malukidwe osaoneka. Wokonzayo anazunguliza tsitsi n'kuthiramo mtundu umodzi, basi. Pamenepo anafafaniza chimene chimauza diso kuti ili ndi tsitsi, chomwe ndi kusiyana kwa kuwala pakati pa msana wa chingwe choluka ndi mpata wakuda umene uli pakati pa zingwezo.

Titenge ntchito imene okonza zithunzi amapatsidwa kawirikawiri. Pali chithunzi cha mtsikana woluka meshi yakuda, ija pa paketi amalemba 1B, yofika m'chiuno. Mwini saluni akufuna kuonetsa makasitomala mmene malukidwe omwewo angaonekere atakhala a ombure, akuda kumizu, ofiirira pakati, kunsonga a mtundu wa uchi ngati nambala 27. Tigwiritsa ntchito Photoshop, ngakhale Krita, GIMP ndi Clip Studio Paint nawonso ali ndi zida zofanana.

Ambiri akaona kuti mtundu umodzi wapha tsitsi, amathamangira kusintha kasakanizidwe ka leya kuchoka pa Normal kupita pa Color. Color imatenga mtundu wa leya yapamwamba koma kuwala imasiya kwa chithunzi chapansi, choncho malukidwe amabwereranso. Pa tsitsi loyera kale njirayi imagwira. Pa tsitsi lakuda imakanika, chifukwa kuwalako n'kumene kulibe. Kompyuta imayeza kuwala kuchokera pa 0, wakuda bii, kufika pa 255, woyera mbee, ndipo meshi yakuda yojambulidwa m'nyumba nthawi zambiri imaunjikana kumunsi kwenikweni kwa muyezowu. Mukathira chikasu pa Color mumangopeza tsitsi lakuda lomwelo lokhala ndi kamtundu kakuda kobiriwira.

Apa mpamene Gradient Map imasiyana ndi zinazi. Chidachi chimaona kuwala kwa kadontho kalikonse ka chithunzi n'kukapatsa mtundu wochokera pa mzere wa mitundu umene mwakonza. Madontho akuda amatenga mtundu wakumanzere kwa mzerewo, owala amatenga wakumanja, apakati wapakati. Ndiye kuti mumatha kulamula kuti mthunzi ukhale wofiirira kwambiri, thupi la tsitsi likhale la uchi, ndipo ponyezimira pakhale pachikasu choyererako. Tsitsi lenileni limatero, mtundu wa mumthunzi ndi wa poyera sufanana.

Koma pali msampha. Dzinalo limapusitsa anthu kuganiza kuti chidachi chiyala mitundu kuchokera kumutu kutsika kunsonga. Sichitero. Gradient Map sidziwa kuti mizu ili kuti, imangodziwa kuda ndi kuwala. Ombure ndi nkhani ya malo, ndipo malo amalamulidwa ndi masiki, chophimba chija chimene pakuda chimabisa, poyera chimaonetsa. Ntchito ziwirizi zisasokonezedwe.

Yambani ndi kusankha tsitsi lokha pogwiritsa ntchito Select and Mask, kenaka pangani gulu la maleya n'kuliveka masiki ameneyo. M'kati mwake pangani gulu lachiwiri, muikemo Levels pansi, Gradient Map pamwamba pake. Levels ndi imene ambiri amaiwala. Popeza tsitsi lonse lili kumbali yakuda, Gradient Map ingangogwiritsa ntchito kachigawo kakumanzere ka mitundu yanu, ya uchi ija osafikidwa n'komwe. Pa Levels kokani kachizindikiro koyera ka pansi pa chithunzi cha phiri kuchoka pa 255 kufika pamene phirilo lathera, mwina pa 90 kapena 110 malinga ndi chithunzi. Tsitsi lioneka lotuwa monyansa, musadandaule, latambasuka kuti likwane mzere wonse.

Mitundu yoyambira ingakhale iyi, malo ake pa mzere ndi nambala yake:

```
0%    #120A06
35%   #5A2E14
70%   #B9793A
100%  #F3DDB0
```

Leyayi isiyeni pa Normal. Mtundu woyambawo ukhale wakuda ndithu, chifukwa ngakhale meshi yowala imakhala ndi mipata yakuda pakati pa zingwe. Mukauwalitsa, malukidwe amasungunuka ndipo mwabwerera ku chipewa chija.

Tsopano ombure. Pa gulu lachiwiri ikani masiki, tengani Gradient Tool ya wakuda kupita ku woyera, kokani kuchokera cha m'makutu kutsika mpaka pachifuwa. Kumwamba kutsala kwakuda, kumunsi kwa uchi. Masikiwa akhale pa gulu, osati pa Gradient Map yokha, apo ayi Levels idzawalitsa mizu yopanda mtundu ndipo mtsikanayo adzamera imvi.

Ine ndimaona kuti apa mpamene pamasiyana wodziwa ntchito ndi wongothamanga. Mzere wowongoka wa kompyuta umadula zingwe zonse pa msinkhu umodzi, pamene ombure weniweni amatsatira kutalika kwa chingwe kuchokera kumizu. Chingwe chimene chapinda n'kugwera kutsogolo kwa phewa, nsonga yake ili pafupi ndi khosi, chiyenera kukhala cha uchi ngakhale chili pamwamba. Tengani burashi yofewa, Opacity pa 20%, mujambule pa masiki motsatira chingwe chimodzichimodzi. Woyera amakweza mtundu, wakuda amautsitsa, ndipo batani la X limasinthanitsa iwiriyo. Zingwe zina ziyambe kuwala msanga, zina mochedwa. Ngati mukufuna timizere towala m'malo mwa ombure, njira ndi yomweyi, masiki akhale akuda onse ndipo muyeretse zingwe zochepa zoyandikira nkhope.

Pakati pamene wakuda akukumana ndi uchi pamakonda kutuluka mtundu wamatope. Tsitsi lachilengedwe likamayeretsedwa ndi mankhwala limadutsa pofiira ndi pa olenji lisanafike pachikasu, ndipo diso linazolowera zimenezo. Choncho onjezani leya ina pa Soft Light, mupake mtundu wofiirira ngati wa meshi nambala 30 pa chigawo chapakaticho mopepuka.

Kunyezimira kubwere pomaliza, pang'ono chabe. Leya ya Color Dodge yopakidwa ndi burashi ya bulauni wakuda imawalitsa misana ya zingwe koma sikhudza pakuda bii, motero mipata imatsala yakuda. Screen imawalitsa ngakhale pakuda, n'chifukwa chake tsitsi limaoneka lachifunga mukaichulukitsa.

Zolakwika zimaonekera mukakulitsa chithunzi kufika pa 100%. Mkombero wachikasu kuzungulira tsitsi umatanthauza kuti masiki anatengako khoma lowala lakumbuyo, ndipo Gradient Map yalipatsa mtundu wakumanja. Chepetsani masikiwo m'mphepete. Mikwingwirima yopingasa posinthira mitundu imachepa mukayatsa Dither kapena kugwira ntchito pa 16 Bits/Channel. Koma timabokosi ndi timadontho tambirimbiri m'tsitsi ndi nkhani ina. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chofinyidwa, ndipo mbali zakuda ndi zimene zimawonongeka kwambiri. Levels ikazitambasula, zowonongekazo zimabwera poyera. Pamenepo musalimbane nacho, pemphani kuti akutumizireni chithunzi choyambirira ngati Document, kapena mtsikanayo ajambulidwenso pafupi ndi windo, kuwala kukugwera tsitsi cham'mbali.