Wojambula Akakhala Mmodzi pa Ukwati wa Mwana Wanu

Amayi, wojambula kanema mmodzi sangakhale kwa mkwati ndi kwa mkwatibwi nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Choncho khalani naye pansi kudakali sabata, mumuuze zinthu zimene sizibwerezedwa: malumbiro, kuvekana mphete, kusaina m'kaundula, mawu a ankhoswe ndi kudula keke.

Tinene kuti ukwati udalitsidwa 9 koloko m'mawa. Ayambe wajambula mkwatibwi akuvala, koma anyamuke msanga, akafike kutchalitchi galimoto la mkwatibwi lisanafike. Mkwati akamjambulira komweko pakhomo. Batire asinthe kwaya ikuimba, osati abusa akulumbiritsa.

Kumadyerero aime pafupi ndi olankhula, pamalo poti akwatiwo aonekere chakumbuyo kwawo. Potero mawu ndi nkhope ziloŵa pamodzi, kamera osaigwedeza uku ndi uku. Akayandikira chokuzira mawu, mawuwo adzamveka ophwanyika.

Perekaniperekani ndiye amatha batire. Ajambule chiyambi cha gulu lililonse basi. Mumpatse wachibale womnong'oneza kuti awa ndi azakhali, awa agogo. Ndipo woyendetsa mwambo asaitanitse mpeni wa keke wojambula asanakweze dzanja.