Uthenga wonena kuti chipangizo chatsopano chalowa mu imelo: tanthauzo lake ndi zoyenera kuchita

Akaunti ya imelo ikatsegulidwa pa foni kapena kompyuta imene kampani yosunga imeloyo sikuidziwa, mwini wake amalandira uthenga womuchenjeza. Ku Gmail uthengawu umabwera ndi mutu wakuti `Security alert`, ndipo umafika mu imelo momwemo, pa foni ya mwiniwake, komanso ku imelo yachiwiri ngati analembetsa. Uthengawo sukutanthauza kuti akaunti yabedwa. Ukungonena kuti wina walowa bwinobwino, nthawi zambiri polemba pasiwedi yolondola, pa chipangizo chachilendo. Makinawo sangadziwe amene wagwira chipangizocho, n'chifukwa chake amafunsa mwiniwake.

Chipangizo chimene makina akuchitcha chatsopano kawirikawiri chimakhala chakale ndithu. Foni ikafufutidwa zonse kwa okonza mafoni n'kuikidwanso akaunti, imaoneka yachilendo. N'chimodzimodzi munthu akatsegula imelo pa bulawuza ina pa kompyuta yomweyo, kapena akafufuta zimene bulawuza inasunga. Dzina la chipangizo nalonso limasokoneza, chifukwa nthawi zina foni imatchulidwa ndi nambala ya ku fakitale. Foni ya Samsung, mwachitsanzo, ikhoza kuoneka ndi dzina loyamba ndi zilembo `SM`, mwiniwake n'kuganiza kuti ndi ya mlendo.

Choyamba kutsimikizira n'chakuti uthengawo ndi weniweni, pakuti akuba amatumiza mauthenga ofanana nawo kwambiri, okhala ndi chizindikiro cha Google ndi batani looneka ngati lenileni. Batanilo limatengera munthu ku tsamba labodza lomupempha pasiwedi, ndipo akangoilemba, wapereka yekha chimene amaopa kuti chabedwa. Chenjezo lenileni la Google limachokera ku adiresi ya `no-reply@accounts.google.com`, koma kudalira adiresi yokha n'kosakwanira, chifukwa pa foni imabisika kuseri kwa dzina ndipo yabodza ikhoza kusiyana ndi yeniyeni ndi chilembo chimodzi chokha. Njira yodalirika ndi kuusiya uthengawo osadina chilichonse, n'kulemba yekha `myaccount.google.com` pa bulawuza, kenako n'kutsegula gawo la `Security`. Pamenepo pali `Recent security activity`, pomwe pamalembedwa zimene zachitika m'masiku 28 apitawa, ndi `Your devices`, pomwe pali mndandanda wa zipangizo zimene zalowa mu akaunti. Ngati zimene uthenga ukunena sizikupezeka m'malo awiriwa, uthengawo ndi msampha ndipo ndi wofunika kuufufuta.

Kulowako kukapezeka pa mndandanda, pali zinthu zitatu zoyerekeza: mtundu wa chipangizo, nthawi ndi malo. Malo ndi amene amadzidzimutsa anthu ambiri, chikhalirecho ndi osadalirika kwenikweni. Makina amangoyerekeza malowo potengera nambala imene kampani ya netiweki imapatsa chipangizo chikalumikizidwa pa intaneti, ndipo nambalayo imalozera kumene kuli makina a kampaniyo. Choncho munthu ali ku Mzimba pa bandulo ya foni akhoza kuoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo amene wayatsa VPN amaoneka ngati ali kunja kwa dziko. Mtundu wa chipangizo ndi nthawi ndi zimene zimanena zoona kwambiri.

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Dedza amene ali ndi foni imodzi ya Tecno ndipo alibe kompyuta. Walandira chenjezo lakuti akaunti yake yatsegulidwa pa `Windows` ku Lilongwe Lachiwiri masana. Za Lilongwe sizikumuuza kanthu. Koma akakumbukira kuti masana omwewo anapita pa shopu yopulinta mapepala n'kutsegula imelo kuti atulutse kalata, nkhani yamveka: analowa ndi iye mwini. Chatsala n'chakuti mwina anachoka osatuluka mu akaunti, ndipo aliyense wokhala pa kompyutayo akhoza kuwerenga makalata ake. Sayenera kubwerera ku shopuko. Pa foni yake yomweyo atsegule `Manage all devices`, asankhe kompyutayo, adine `Sign out`. Ndi bwinonso asinthe pasiwedi, chifukwa bulawuza ya pa shopupo ikhoza kukhala itaisunga.

Zikanakhala kuti chenjezolo likunena za 2 koloko usiku, pa tsiku limene sanagwire kompyuta iliyonse, ndiye kuti pasiwedi ili m'manja mwa munthu wina. Apa mwiniwake amayankha kuti si iye, ndipo Google imamutsogolera kusintha pasiwedi. Yatsopanoyo ikhale yaitali, ya zilembo 12 kapena kuposerapo, ndipo isakhale yakale yongowonjezera nambala kumapeto. Kusintha pasiwedi kumatulutsa akaunti pa zipangizo zambiri, komabe mndandanda uja ndi wofunika kuuonanso n'kuchotsa chachilendo chilichonse chimene chatsalira.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo m'pamene amagwiriridwa kachiwiri. Wakuba wochenjera amadziwa kuti pasiwedi isinthidwa, choncho akangolowa amakonzeratu njira yobwererera. Akhoza kuchotsa nambala ya foni ndi imelo yachiwiri zimene zimathandiza munthu akaiwala pasiwedi, n'kuikapo zake. Zimenezi zimaoneka m'gawo lomwelo la `Security`, pa `Recovery phone` ndi `Recovery email`. Akhozanso kulamula kuti kalata iliyonse yofika izitumizidwanso ku adiresi yake, kapena kuti makalata ochokera ku banki azifufutika mwiniwake asanawaone. Malamulo oterewa sachoka pasiwedi ikasinthidwa. Amapezeka Gmail ikatsegulidwa pa kompyuta, pa `See all settings`, m'magawo a `Forwarding and POP/IMAP` ndi `Filters and Blocked Addresses`. Lamulo lililonse limene mwiniwake sanaike yekha lichotsedwe. Aonenso makalata otumizidwa ndi otayidwa, chifukwa m'menemo ndi mmene mumapezeka mauthenga opempha ndalama kwa abale m'dzina lake. Akapezeka, abalewo auzidwe msanga pa foni.

Vutoli silithera mu imelo. Munthu akaiwala pasiwedi ya Facebook kapena ya ntchito zina za pa intaneti, linki yosinthira imatumizidwa ku imelo, choncho amene wagwira imelo akhoza kulanda maakaunti enawo. Paliponse pamene panagwiritsidwa ntchito pasiwedi yofanana ndi yobedwayo payenera kusinthidwa. Ndipotu nthawi zambiri pasiwedi imakhala itabedwa kumalo enawo, wakuba n'kudzangoiyesa pa imelo.

Chomaliza ndi kuyatsa `2-Step Verification`. Ikayatsidwa, pasiwedi yokha siikwanira: wolowa pa chipangizo chachilendo amafunikanso kuvomereza pa foni ya mwiniwake kapena kulemba manambala otumizidwa ku foniyo. Manambalawo sauzidwa munthu aliyense, ngakhale woimba foni akudzitcha wa ku kampani. Pempho lovomereza likabwera pa foni mwiniwake asanayese kulowa penapake, alikane, ndipo adziwe kuti pasiwedi yake yadziwika. Njirayi ili ndi vuto lake: foni ikabedwa kapena simu khadi ikatsekedwa, mwiniwake akhoza kudzitsekera kunja. Pa chifukwa chimenechi Google imapereka `Backup codes`, manambala 10 apadera amene iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha, oyenera kulembedwa pa pepala n'kusungidwa kunyumba.

Ngati wakuba wasintha kale pasiwedi moti mwiniwake akulephera kulowa, njira yotsala ndi tsamba la `g.co/recover`. Mwayi wobwezeretsa akaunti umakula munthu akayesa pa foni kapena kompyuta imene amalowerapo masiku onse, ali pamalo amene amakhala nthawi zonse, n'kulemba pasiwedi yomaliza imene akuikumbukira. Ntchitoyi ndi yaulere, ndipo aliyense wolonjeza kubweza akaunti ya Gmail atalipidwa ndalama sakuchokera ku Google.