Mzere wowongoka: kuujambula n'kosavuta, ntchito ili poumasulira

Ophunzira ambiri a za makompyuta akangoyamba phunziro la kuphunzitsa makina, asayimenti yoyamba imakhala ya liniya rigiresheni. Dzinalo lisakuopseni. Mumakhala ndi zinthu ziwiri zomwe mukuganiza kuti zimayendera limodzi, ndipo mumafuna mzere umodzi wowongoka wolosera chachiwiri mukadziwa choyamba. Kompyuta imaupeza mzerewo m'kanthawi kochepa. Pomwe ambiri amatayira malikisi ndi pa funso lotsatira: kodi mzere umenewu ukutiuza chiyani?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wapereka minda isanu, uliwonse wa hekitala imodzi. Nambala zake n'zongopeka kuti tiphunzirirepo. Munda woyamba anathiramo thumba limodzi la feteleza n'kukolola matumba 22 a chimanga. Wachiwiri anathira matumba 2 n'kukolola 31, wachitatu matumba 3 n'kukolola 35, wachinayi matumba 4 n'kukolola 45, ndipo wachisanu matumba 5 n'kukolola 47. Mukaika madontho asanuwa pa girafu, feteleza cham'munsi, zokolola cham'mbali, muona kuti akukwera kulowera kumanja, koma palibe mzere wowongoka womwe ungawaponde onse.

Popeza mzere uliwonse uphonyako madontho ena, timasankha wophonya pang'ono kuposa ina yonse. Pa munda uliwonse timayeza kusiyana kwa zomwe anakololadi ndi zomwe mzere ukulosera, kenako kusiyanako timakuchulukitsa ndi iko komwe, n'kuphatikiza zonse. Kuchulukitsa kotereku kumathandiza kuti kuphonyera pamwamba ndi kuphonyera pansi kusafafanizane, komanso kumapangitsa kuphonya kwakukulu kulemera kwambiri. Mzere womwe ukupereka chiwerengero chochepetsetsa ndiwo timautenga. Njirayi ndi yakale kuposa makompyuta: katswiri wa masamu wa ku France, Adrien-Marie Legendre, anaisindikiza mu 1805.

Ndi minda isanu yokha mungathe kuwerengera pamanja, ndipo ndi bwino kutero kamodzi kuti mudziwe zomwe kompyuta ikuchita. Avereji ya feteleza ndi 3, ya chimanga ndi 36. Minda yathu ikutalikirana ndi avereji ya feteleza ndi -2, -1, 0, 1 ndi 2, ndipo ikutalikirana ndi avereji ya chimanga ndi -14, -5, -1, 9 ndi 11. Mukachulukitsa ziwiriziwiri n'kuphatikiza mupeza 64. Mukachulukitsa nambala iliyonse ya feteleza ija ndi iyo yomwe n'kuphatikiza mupeza 10. Gawani 64 ndi 10, mupeza 6.4, ndipo kumeneko ndiko kupendekeka kwa mzere. Poyambira pake pamapezeka pochotsa 6.4 katatu pa 36, zomwe zikutsala 16.8. Mzere wathu tsono ndi y = 16.8 + 6.4x.

Pa Python, pogwiritsa ntchito scikit-learn, zonsezi zimakwana m'mizere isanu:

```python
from sklearn.linear_model import LinearRegression
X = [[1], [2], [3], [4], [5]]
y = [22, 31, 35, 45, 47]
m = LinearRegression().fit(X, y)
print(m.coef_, m.intercept_, m.score(X, y))
```

Taonani kuti nambala iliyonse ya X ili m'mabulaketi akeake. Pulogalamuyi imayembekezera tebulo, munda uliwonse pa mzere wake, ndipo mukaipatsa mndandanda wamba imakana n'kulemba kuti `Expected 2D array, got 1D array instead`. Zikayenda bwino, pa sikirini pamatuluka 6.4, 16.8 ndi nambala yachitatu yoyandikira 0.966.

Kukopera nambala zitatuzi n'kupereka asayimenti ndi theka chabe la ntchito. Nambala iliyonse imafuna chiganizo chomwe mlimi angamve. Ya 6.4 ikunena kuti, pa minda iyi, munda wothiridwa thumba limodzi loonjezera unkakolola matumba oonjezera pafupifupi asanu ndi limodzi ndi theka. Tchulani miyeso yake, matumba a chimanga pa thumba la feteleza, chifukwa mukanayeza feteleza m'makilogalamu nambalayo ikanakhala ina ngakhale minda ili yomweyo. Ya 16.8 ndi zomwe mzere ukulosera pa munda wosathira feteleza konse. Apa samalani, chifukwa pa minda yathu palibe womwe unalimidwa wopanda feteleza. Nambalayi tangoipeza potalikitsa mzere, palibe anaiona m'munda.

Yachitatu ija imalembedwa R², ndipo ndi yomwe imamasuliridwa molakwika kwambiri. Ambiri amalemba kuti mzere wawo ndi wolondola ndi 97 peresenti, zomwe si zoona. Tanthauzo lake ndi ili. Mukanakhala kuti simukudziwa za feteleza, munda uliwonse mukanaulosera avereji ija ya 36, ndipo kuphonya kwanu, kowerengedwa monga tafotokozera muja, kukanakwana 424. Ndi mzerewu kuphonyako kwatsika kufika pa 14.4. Ndiye kuti mwa kusiyanasiyana konse kwa zokolola pakati pa minda isanuyi, mzere wafotokoza pafupifupi 97 peresenti. Owerenga akafuna kudziwa kuti mzere ukuphonya ndi matumba angati, gawani 14.4 ndi 5 n'kupeza sikweya ruti yake: pafupifupi matumba 1.7 pa munda. Kwa ine nambala imeneyi ndiyo yothandiza, pakuti ikulankhula m'matumba.

Ngakhale R² italemera chotani, musakhulupirire mzere musanaone girafu. Mu 1973 katswiri wa ziwerengero Francis Anscombe anapanga magulu anayi a madontho, lililonse la madontho 11. Onse anayi amapereka mzere wofanana, y = 3 + 0.5x, ndi R² yoyandikira 0.67. Koma mukawajambula, gulu limodzi lokha ndilo loyeneradi mzere wowongoka. Lachiwiri ndi lokhota bwinobwino, lachitatu lili ndi dontho limodzi lotalikirana ndi anzake lomwe lakokera mzere kumbali, ndipo m'lachinayi kupendekeka konse kukuchokera pa dontho limodzi. N'chifukwa chake tiyenera kuyang'ana zotsalira, kapena kuti kuphonya kwa mzere pa munda uliwonse. Zathu ndi -1.2, 1.4, -1.0, 2.6 ndi -1.8. Zikusinthanasinthana pansi ndi pamwamba, ndipo n'zolimbikitsa. Zikanakhala pansi kumayambiriro, pamwamba pakati, pansinso kumapeto, tikanadziwa kuti zinthuzi zimayenda mokhota ndipo mzere wowongoka sukuyenera.

Pali malire awiri omwe wolemba asayimenti ayenera kuwatchula yekha asanafunsidwe. Loyamba, mzerewu ukudziwa za thumba limodzi mpaka asanu basi. Mukaufunsa za matumba 20 uyankha kuti 144.8 popanda kukayika, chonsecho mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza akafika pena sawonjezeranso zokolola, ndipo akachulukitsa amawotcha mbewu. Lachiwiri, mzere sukutsimikiza kuti feteleza ndiye wabweretsa matumba onsewo. Mwina wotha kugula matumba asanu ndiyenso anagula mbewu yabwino n'kupalira m'nthawi yake. Choncho lembani kuti zinthuzi zimayendera limodzi, osati kuti china chachititsa chinzake.

Pomaliza, 0.966 ija taipeza poyesa mzere pa minda yomweyo yomwe waphunzirapo, ngati kulemba mayeso a mafunso omwe unawaona kale ndi mayankho ake. Pa asayimenti yeniyeni ya minda mazana, patulani ina, mwachitsanzo 20 pa 100 iliyonse, pogwiritsa ntchito `train_test_split`, ndipo muyese mzere pa minda yopatulidwayo. Ukachita bwino pophunzira koma n'kugwa poyesedwa, lembani zomwezo mosabisa. Ndipo ngati deta yomwe mwapatsidwa ndi yochepa ngati yathuyi, nenani poyera kuti minda isanu siingayimire minda ya boma lonse.