Kalata Yoletsa Kukopera Khodi

Munthu amene akuyamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta sachedwa kutulukira njira yachidule. Chitsanzo chili pa sikirini, mphunzitsi wachilemba kale. Ungochiwalitsa ndi mausi, kudina `Ctrl+C`, kenako `Ctrl+V`, basi pulogalamu yayenda. Nanga ndi chifukwa chiyani aphunzitsi ambiri, pa tsiku loyamba penipeni, amalembera ophunzira awo mawu oletsa zimenezi?

Mmodzi mwa aphunzitsi odziwika pa nkhaniyi ndi Zed Shaw wa ku America, yemwe mu 2010 anatulutsa buku lotchedwa Learn Python the Hard Way. Mawu ake oyamba ali ngati kalata yopita kwa kalasi ya anthu amene sanalembepo khodi chibadwire. Mwachidule, akuwauza kuti ntchito iliyonse ya m'bukumo ayitayipe ndi zala zawo ndendende mmene yalembedwera, ayiyendetse, ndipo ikakana afufuze okha pomwe aphonya. Kukopera n'kumata akuletseratu. Zimene akufuna kuti wophunzira atole ndi zitatu: kuwerenga ndi kulemba zizindikiro zachilendo za khodi, kukhala ndi diso pa tinthu ting'onoting'ono, ndi kutha kuona kusiyana kwa zinthu ziwiri zooneka ngati zofanana.

Wina angaganize kuti ndi nkhanza za aphunzitsi akale. Koma tanthauzo lake limaoneka munthu akakhala pa kiyibodi. Nayi pulogalamu ya mizere isanu m'chiyankhulo cha Python, yowonkhetsa mitengo ya zinthu zitatu:

```python
mitengo = [1500, 800, 2200]
zonse = 0
for mtengo in mitengo:
    zonse = zonse + mtengo
print("Zonse pamodzi:", zonse)
```

Wokopera amata mizereyi, nayiyendetsa, ndipo kompyuta imuyankha kuti `Zonse pamodzi: 4500`. Wasangalala. Mukamufunsa kuti wamva, ayankha kuti eya, ndipo sakunama dala: akaiwerenga mizereyo imaoneka yomveka. Vuto n'lakuti kuzindikira chinthu chili pamaso pako ndi kuchitulutsa wekha m'mutu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mawa mum'patse sikirini yopanda kanthu, adzakhala akungoyang'ana.

Wotayipa ulendo wake ndi wa zikhomo. Mzere woyamba umuchedwetsa kale, chifukwa ayenera kufufuza pomwe pali `[` ndi `]` pa kiyibodi, zizindikiro zomwe mwina sanazidinepo n'kale lonse. Pa mzere wachitatu ambiri amaiwala timadontho tiwiri ta kumapeto, pakuti diso limawerenga mawu n'kulumpha timadontho. Python yatsopano imayankha motere:

```
SyntaxError: expected ':'
```

Pamenepo waphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, mzere woyamba ndi `for` umatsekedwa ndi timadontho tiwiri. Chachiwiri, mawu oopsa aja amene kompyuta imalavula si chipongwe, koma uthenga wokuuza mzere womwe walakwika ndi chimene chikusowapo. Wokopera sanauone uthengawu, ndipo tsiku lomwe adzakumane nawo koyamba adzakhala ali mu pulogalamu ya mizere 200, osadziwa poyambira.

Mzere wachinayi uli ndi msampha wina. Mayina awiriwa, `mtengo` ndi `mitengo`, akusiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Chala chikaterereka n'kulemba `zonse + mitengo`, yankho limakhala ili:

```
TypeError: unsupported operand type(s) for +: 'int' and 'list'
```

Kompyuta ikunena kuti singaphatikize nambala imodzi ndi mndandanda wonse. Kuti akonze, wophunzira akakamizika kudzifunsa funso lomwe wokopera sanadzifunse: kodi mayina awiriwa akuimira chiyani? Apeza kuti `mitengo` ndi mndandanda wonse uja, pomwe `mtengo` ndi nambala imodzi imene pulogalamu yagwira pa ulendo umenewo, koyamba 1500, kenako 800, pomaliza 2200. Pagona phunziro lonse la `for` ndi pomwepa, ndipo walipeza chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika.

Zolakwa zophunzitsa kwambiri, komabe, ndi zomwe kompyuta sidandaula nazo. Mu Python, mpata wa kumayambiriro kwa mzere uli ndi tanthauzo. Mzere wachinayi walowa mkati ndi timipata tinayi, kusonyeza kuti ndi wobwerezedwa; wachisanu wabwerera kumphepete, kusonyeza kuti uchitike kamodzi kubwereza kukatha. Tsono mapulogalamu ambiri olembera khodi amati ukadina `Enter`, mzere wotsatira amauyambitsa pamalo pomwe wapitawo unayambira. Wotayipa wosasamala apeza kuti `print` yalowanso mkati. Palibe uthenga wa cholakwa. Kungoti m'malo mwa yankho limodzi, atuluka mayankho atatu: 1500, 2300 ndi 4500.

Wophunzira wina akhoza kukwiya nazo, koma taonani chimene chamuchitikira mwangozi. Waona ndi maso ake mmene `zonse` ikukulira pa ulendo uliwonse, chinthu chomwe mphunzitsi akanavutika kujambula pa bolodi. Akatswiri omwe, akamasaka cholakwa, nthawi zambiri amachita zomwezi mwadala: amaika `print` pakati pa kubwereza kuti aone zikuchitika mkatimo.

Nanga wotayipa adziwa bwanji kuti waphonya pati? Shaw amalangiza kufananiza khodi yako ndi ya m'buku chobwerera m'mbuyo, kuyambira mzere womaliza kupita woyamba. Ukamawerenga molunjika, ubongo umathamangira tanthauzo n'kumadzaza wokha zomwe zikusowa, mpaka `pirnt` kumaoneka ngati `print`. Ukamabwerera m'mbuyo tanthauzo limasweka, ndipo diso limatsala ndi zilembo zenizeni. Amalangizanso kulemba ndemanga pamwamba pa mzere uliwonse yofotokoza zomwe mzerewo ukuchita, komanso kulemba papepala mitundu ya zolakwa zimene umachita, kuti uone zomwe umabwereza.

Kukoperako nakonso kuli ndi minga yake, ndipo ndi minga yoipa chifukwa siphunzitsa kanthu pa za pulogalamuyo. Khodi yotengedwa mu PDF kapena mu chikalata cha Word kawirikawiri imabwera ndi mitengero yopindika m'malo mwa yowongoka ija ya pa kiyibodi. Kwa munthu zonse ndi mitengero, koma Python imati:

```
SyntaxError: invalid character '“' (U+201C)
```

Nthawi zina mumabisala kampata kosaoneka kotchedwa `U+00A0`, kapena timipata ta kumayambiriro kwa mizere timatayika panjira. Wophunzira amayang'ana khodi yake, nayang'ana ya mphunzitsi, zonse zofanana, koma yake ikukana. Ambiri amayamba kuganiza kuti kompyuta yawo ndi yowonongeka.

Mwambo wotayipa khodi ya ena si wa lero. M'zaka za m'ma 1980, magazini a kompyuta ku America ndi ku Britain ankasindikiza mapulogalamu athunthu, makamaka magemu, m'chiyankhulo cha BASIC. Wowerenga ankakhala ndi magaziniyo pambali pa kompyuta ngati Commodore 64, yomwe inatuluka mu 1982, n'kumatayipa mzere ndi mzere mpaka usiku. Ambiri mwa amene anadzakhala akatswiri anayambira pamenepo: potayipa ankaona pomwe palembedwa nambala ya miyoyo ya wosewera, n'kuisintha kuti aone chichitike n'chiyani.

Koma mbiri yomweyi ikusonyezanso malire a malangizowa, zomwe okonda kutayipa satchula kawirikawiri. Mapulogalamu ena m'magaziniwa anali masamba a manambala okhaokha, opanda mawu oti munthu n'kutolapo nzeru. Kutayipa amenewo kunali thukuta chabe. Zolakwa zinkachuluka moti mu 1983 magazini ya Compute!'s Gazette inabweretsa kapulogalamu kotchedwa Automatic Proofreader, komwe kankaonetsa kanambala koyesera mzere uliwonse ukatayipidwa, kuti wowerenga afananize ndi kosindikizidwa m'magazini. Munthu akhoza kutayipa manambala otero usiku wonse osadziwa chimodzi chomwe cha mmene gemuyo ikuyendera.

Ndiye mankhwala si zala pazokha. Mwana wa sukulu amene akukopera notsi za pa bolodi maganizo ali kumpira amadzaza kope, mutu uli mbee, ndipo wotayipa khodi akhoza kuchita chimodzimodzi. Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu, Norman Slamecka ndi Peter Graf, anasonyeza mu 1978 kuti anthu amakumbukira bwino mawu amene awatulutsa okha m'mutu, atangopatsidwa mawu ena owathandiza ndi chilembo choyamba, kusiyana ndi mawu amene angowerenga. Kafukufukuyu sanali wa khodi, ndipo tikanena chilungamo, kutayipa chilembo ndi chilembo maso ali pa buku kuli pafupi ndi kuwerenga kusiyana ndi kutulutsa m'mutu. Phindu limayamba pamene wophunzira wayang'ana mzere wonse, wachotsa maso pa buku, nayesa kuulemba. Akakakamira pakati, pomwe wakakamirapo ndi pomwe sanamvetse.

N'chifukwa chake mphunzitsi wodziwa ntchito sathera pa lamulo loti tayipani. Pa pulogalamu ya mitengo ija, amauza kalasi kuti isanayendetse ilembe papepala yankho lomwe ikuyembekezera. Kenako amati iwonjezere mtengo wachinayi, 500, ione ngati patuluka 5000. Kenakonso amati iswe dala: itenge mzere wa `zonse = 0` iulowetse mkati mwa kubwereza, pamwamba pa mzere wowonkhetsa uja. Kompyuta sidandaula, koma pa mitengo itatu yoyamba ija yankho limakhala 2200, chifukwa ulendo uliwonse kuwonkhetsa kukuyambiranso pa 0 ndipo chotsala ndi mtengo womaliza wokha. Wophunzira amene wafotokoza yekha chifukwa chake watuluka 2200 sadzafunsanso kuti mzere wachiwiri uja ndi wa chiyani.

Ophunzira ochenjera amatsutsa kuti akatswiri pantchito amakopera tsiku ndi tsiku, ndipo akunena zoona. Palibe wanzeru amene amatayipa pamanja adiresi yaitali ya pa intaneti, kiyi yachinsinsi ya zilembo makumi angapo, kapena mndandanda wa mayina 1,000. Pamenepo kutayipa kumangobweretsa zolakwa. Khodi yeniyeni nayonso amakopera. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiri akamata mizere khumi amaiwerenga, amaona kuti dzina ili silikugwirizana ndi la mu pulogalamu yake, kapena kuti `print "moni"` yopanda zokutira ndi kalembedwe ka Python 2, komwe Python 3 imakana chitulukireni mu 2008. Woyamba kumene sangaone zimenezi, ndipo akamata mzere wakalewo amangolandira `SyntaxError` ina. Lamulo loletsa kukopera ndi la miyezi yoyambirira, pomwe zitsanzo zimakhala za mizere isanu kapena makumi awiri, zoti munthu n'kuzitayipa pa mphindi zochepa. Mapulogalamu akayamba kutalika, aphunzitsi ambiri amapereka okha mafayilo oyambira kuti kalasi ikopere, n'kusiya mbali yatsopano yokha kuti aliyense alembe ndi zala zake.