Kasitomala akati “tinalipira kale”

Kasitomala akakuuzani kuti analipira kale invoisi koma m'buku lanu ngongoleyo ikadalipo, musamutsutse, komanso musafulumire kuifafaniza. Mupempheni mwaulemu umboni woti analipira: tsiku, kuchuluka kwa ndalama, akaunti imene anatumizako, ndi nambala ya malipiro imene banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba inapereka.

Umboniwo paokha sukwanira. Umangoonetsa kuti ndalama zinachoka, koma sunena kuti zinali za invoisi iti. Tiyerekeze kuti mukuyembekezera K500,000, koma pa sitetimenti ya kubanki pakuoneka K776,000 yopanda dzina lomveka. Apa m'pamene mumapempha kalata yofotokoza malipiro, imene m'maofesi amaitcha remitansi. Kalatayo ikhoza kuonetsa kuti analipirira pamodzi mainvoisi awiri, ya K500,000 ndi ya K300,000, n'kuchotsapo K24,000 ya msonkho woti apereke ku MRA m'malo mwanu. Ndalama zija munali nazo kale, kungoti munkafunafuna nambala yolakwika. Musaiwale kuitanitsa satifiketi ya msonkhowo, chifukwa popanda iyo K24,000 ija simungaiwerengere pa msonkho wanu.

Chithunzi cha pa WhatsApp ine sindichikhulupirira chokha, chifukwa kuchisintha n'kosavuta, ndipo nthawi zina chimangoonetsa malipiro amene bwana wachiwiri sanavomerezebe. Yerekezani nambala ya akaunti ndi yanu, chiwerengero chilichonse. Ikasiyana, kasitomalayo apite kubanki yake kukalondola ndalamazo, ndipo invoisi ikhalabe yosalipidwa kufikira zitaoneka pa sitetimenti yanu.