Mawu a osamalira odwala maganizo akafika pa tebulo la wofufuza

Munthu akadwala matenda aakulu a maganizo, monga sikizofireniya, amagonekedwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu kwa masabata owerengeka. Miyezi yonse yotsala amakhala kunyumba, m'manja mwa mayi ake, mkazi wake kapena mlongo wake. Ofufuza amapita kwa osamalirawa ndi kachipangizo kojambulira mawu, nkucheza ndi aliyense pafupifupi ola limodzi. Ntchito imene imatsatira, yosandutsa machezawo kukhala lipoti, imachitikira kuseri kwa chitseko, ndipo ndi pamene mawu a munthu amatha kusungika kapena kupotozedwa.

Tiyerekeze kuti wofufuza wacheza ndi osamalira 20. Choyamba amalemba zonse zimene zinajambulidwa, liwu ndi liwu. Ola limodzi la macheza limadya maola anayi kapena asanu ndi limodzi polemba, chifukwa amalembanso pamene munthu anakhala chete, pamene analira, ndi pamene anatsitsa mawu poona kuti wodwala walowa m'nyumba. Pomaliza amakhala ndi masamba mazanamazana. Njira imene ambiri amatsata pofukula tanthauzo m'masambawa ndi imene akatswiri awiri a za maganizo, Virginia Braun ndi Victoria Clarke, anafotokoza mu 2006. Ili ndi masitepe asanu ndi limodzi, koma mtima wake ndi uwu: werenga mobwereza, ika chizindikiro pa ganizo lililonse, sonkhanitsa zizindikiro zogwirizana kukhala mitu, kenako yesa mituyo ngati ikuimadi.

Chizindikirocho ofufuza amachitcha khodi. Ndi mawu awiri kapena anayi olembedwa m'mphepete mwa tsamba, onena zimene chiganizo chikukamba. Tiyerekezenso kuti mayi wina, yemwe mwana wake wamwamuna amadwala, wafotokoza kuti nthawi ya dzinja akamapita kumunda amamutsekera m'nyumba, ndipo matenda akakula amamumanga miyendo ndi chitenje. Wanena kuti mwanayo anasowapo masiku awiri, nkupezeka atamenyedwa pamsika. Wanenanso kuti jekeseni wa pamwezi anamudumpha chifukwa ndalama ya minibasi inasowa, ndipo wamaliza ndi kunena kuti akamamanga mfundoyo sayang'ana mwana wake kumaso.

Wofufuza wopupuluma amalemba khodi imodzi: nkhanza. Wofatsa amaona kuti m'ndime yomweyi muli zinthu zisanu. Muli kutsekera ndi kumanga, muli mantha oti wodwala avulazidwa ndi anthu, muli kusowa womusiyira, muli kudumpha mankhwala chifukwa cha thiransipoti, ndipo muli manyazi a mayiyo pa zimene akuchita. Chilichonse chimalandira khodi yakeyake. Kumanga munthu ndi kumuphwanyira ufulu, ndipo lipoti liyenera kunena zimenezi mosabisa. Koma khodi yoti nkhanza yokha ikanafufuta zifukwa zinayi zimene a zaumoyo angathe kuchitapo kanthu.

Makhodi akachuluka, mwina kufika 80 kapena 100, wofufuza amawalemba m'buku limodzi, iliyonse ndi tanthauzo lake ndi chitsanzo. Bukuli limateteza khodi kuti isasinthe tanthauzo panjira. Khodi yoti kutopa ikhoza kuyamba ikunena za kusagona usiku, koma pofika macheza a 15 nkukhala itameza kale umphawi, mkwiyo ndi matenda a wosamalira. Chizindikiro cha vutoli nchosavuta kuona: ukatulutsa ndime zonse za khodi imodzi nkuziwerenga pamodzi, umapeza kuti sizikukamba chinthu chimodzi. Pamenepo khodiyo imagawidwa, ndipo masamba oyambirira amawerengedwanso. Mapulogalamu a pa kompyuta monga NVivo ndi ATLAS.ti amathandiza kutulutsa ndimezi mwachangu, koma saganizira munthu. Ena amagwira ntchito yomweyi ndi mapepala odula ndi mapensulo amitundu, ndipo imayenda.

Pamene ambiri amagwa ndi popanga mitu. Lipoti lofooka umalizindikira chifukwa mitu yake imangobwereza mafunso amene anafunsidwa: mavuto, mankhwala, zikhulupiriro, thandizo. Imeneyi ndi madengu ongoponyamo zinthu. Mutu weniweni umanena kanthu. Wofufuza wathu akayala makhodi ake, akhoza kuona kuti kutsekera, kusiya geni, kuleka kupita kumaliro ndi kutchalitchi, ndi kugona khutu lili kuchitseko, zonse zikuloza kumodzi. Mutu wake ukhoza kukhala wakuti wosamalira amasanduka mlonda wosalandiridwa. Mutu wotere umafotokoza chifukwa chake mayi wokonda mwana wake amafika pomumanga, ndipo umaonetsa poyambira kuthandiza.

Ukapeza mutu wokoma, chiyeso ndi kutseka maso pa zotsutsana nawo. Nchifukwa chake wofufuza wabwino amabwerera ku masamba onse kukasaka dala anthu amene sakulowamo. Mwina pa 20 aja pali atatu amene sanatsekerepo m'bale wawo. Akawerenganso amapeza kuti onse atatu amasinthana ndi achibale, kapena amakhala pafupi ndi chipatala chopereka jekeseni. Atatuwa amanola mutuwo, pakuti tsopano ukunenanso nthawi imene ulonda uja umapepuka. Zimathandizanso kuti munthu wachiwiri aike makhodi pa macheza angapo payekha, kenako awiriwo akambirane pamene asiyana. Namwino ndi wophunzira za chikhalidwe saona ndime mofanana. Wosamalira akanena kuti anayamba kwa sing'anga, namwino amalemba kuchedwa kubwera kuchipatala, pamene mnzakeyo amalemba kufunafuna chimene chagwera banja. Zonse ziwiri zili m'mawuwo. Ndimaonanso kuti makhodi aziikidwa pa mawu a Chichewa kapena Chitumbuka momwe anayankhulidwira, kumasulira kubwere pamapeto pa ndime zokhazo zolowa mu lipoti.

Polemba, mutu uliwonse umafotokozedwa ndi wolemba mwini, kenako nkutsimikizidwa ndi mawu awiri kapena atatu a osamalira. Kuunjika mawu a anthu popanda kufotokoza ndi kusiya ntchito pakati. Wowerenga aziyang'ananso ngati mawu onse akuchokera kwa anthu awiri okha odziwa kuyankhula, pamene agogo oyankha mwachidule sakumveka paliponse. Manambala nawo amafuna kusamala. Kunena kuti 14 mwa 20 anatchula kusowa kwa mankhwala nkoona pa anthu amenewo, koma sikuyeza dziko. Anthu 20 osankhidwa pa chipatala chimodzi ndi amene anakwanitsa kufika kuchipatalako, ndipo lipoti loona liyenera kuvomereza kuti mabanja amene sanafikeko sanamveke.

Chotsala ndi chinsinsi, ndipo pa nkhani iyi nchachikulu kuposa pa kafukufuku wambiri. Makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku, monga COMREC ndi NHSRC, amafuna kuti mayina achotsedwe. Koma kufufuta dzina sikukwanira. Ukalemba kuti mphunzitsi wopuma wa zaka 62 wa mudzi wakutiwakuti, amene mwana wake anatentha nkhokwe, dera lonse lamudziwa. Wolemba amachotsa mudzi, amasandutsa zaka kukhala za m'ma 60, ndipo amasiya chochitika chodziwika kwambiri ngakhale chikanakometsa lipoti. Akumbukirenso kuti wosamalira ndiye anavomera kuyankhula, pamene wodwala amene moyo wake ukuululidwa nthawi zambiri sanafunsidwe nkomwe.

Mukadzagwira lipoti lotere, yang'anani ngati likunena anthu angati anafunsidwa, anapezeka kuti, anayankhula chinenero chanji, ndi amene sanagwirizane ndi mitu yake. Ndipo inu ofufuza, musanasindikize, bwererani kwa osamalira angapo muwawerengere mituyo m'chinenero chawo. Akakuuzani kuti sizimene ankanena, bwererani ku masamba aja.