Mauthenga 9,000 Sapita ndi Liwiro, Amapita pa Mzere

Bungwe likafuna kudziwitsa mamembala ake 9,000 za msonkhano, wolemba pulogalamu amalakalaka kuwatumizira onse uthengawo nthawi imodzi. Kompyuta yake itha kutero m'kanthawi kochepa. Vuto lili kwa kampani yonyamula mauthengawo, chifukwa iyo imaika malire n'cholinga choti makina ake asalemedwe komanso kuti otumiza zachinyengo asapeze danga.

Titenge Telegram. Pulogalamu yotumiza mauthenga payokha imaloledwa mauthenga pafupifupi 30 pa sekondi kwa anthu osiyanasiyana. Kwa munthu mmodzi sayenera kupitirira umodzi pa sekondi, ndipo pagulu limodzi ndi 20 pa mphindi. Mukapyola, uthenga supita, m'malo mwake mumalandira nambala 429 ndi mawu ngati awa:

```
Too Many Requests: retry after 12
```

Apa akukuuzani kuti mudikire masekondi 12. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Pulogalamu yawo ikakanidwa imabwerezanso nthawi yomweyo, mobwerezabwereza, ndipo mauthenga okanidwa amangowunjikana. Makampani ena akaona khalidwe lotere amatseka akaunti.

Njira yabwino ndi ya kuchigayo: matumba amakhala pamzere, wogayitsa n'kumathira chimanga pang'onopang'ono kuti makina asatsamwe. Mauthenga onse 9,000 amayamba alembedwa pamndandanda, uliwonse ndi chizindikiro chosonyeza kuti sunatumizidwe. Kenako kapulogalamu kena kamatenga 25 pa sekondi, osati 30, kuti patsale mpata. Pa liwiro limeneli ntchito imatha m'masekondi 360, omwe ndi mphindi 6 basi. Uthenga ukapita, chizindikiro chake chisinthidwe pomwepo. Ichi n'chofunika kwambiri, chifukwa magetsi akazima pa uthenga wa 4,000, pulogalamu imadzayambira pomwe inalekezera, osavutitsa anthu ndi uthenga womwewo kawiri.

Uthenga wokanidwa ndi 429 ubwerere pamzere, ndipo kutumiza kuime mpaka nthawi yomwe yanenedwa itakwana. Ngati kampani sinatchule nthawi, dikirani sekondi imodzi, mukakanidwanso awiri, kenako anayi, kumangowirikiza choncho. Koma si kukanidwa konse komwe kumatha ndi kudikira. Nambala 403 kawirikawiri imatanthauza kuti munthuyo anatsekereza pulogalamu yanu, choncho mumuchotse pamndandanda.

Ena amaganiza kuti akayendetsa timapulogalamu tinayi totumiza, ntchito ifulumira kanayi. Ayi ndithu. Malire amawerengedwa pa akaunti yonse, motero tinayi totumiza 25 kalikonse tafika kale pa 100. Tonse tiyenera kugawana malire amodzi omwewo.

Ine ndimaumiriranso kuti mauthenga achangu akhale ndi mzere wawowawo. Munthu amene akudikira nambala yachinsinsi yolowera mu akaunti yake sangayembekezere mphindi 6 kumbuyo kwa chilengezo cha msonkhano. Pa 25 aja, mupatuleko 5 pa sekondi a mauthenga otere. Chilengezocho chidzatha m'mphindi 7 ndi theka.